Momwe mungawerengere nokha ndalama zimene a inshuwaransi amachotsera pa katundu wa m'nyumba

Anthu amene katundu wawo wa m'nyumba wapsa, wabedwa kapena waonongeka ndi madzi akhala akundifunsa funso limodzimodzi kwa nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiliyankhe kamodzi polemba. Funsolo limakhala lakuti: "Sofa ngati yangayi ikugulitsidwa pa mtengo wakuti lero, nanga bwanji kampani ya inshuwaransi yandipatsa ndalama zosafika ndi theka lomwe?" Wofunsayo amabwera atatsimikiza kale mumtima kuti amubera kawiri, koyamba ndi ngoziyo, kachiwiri ndi kampani. Nthawi zina kampani imakhala italakwitsadi kawerengedwe, koma kawirikawiri imakhala itatsatira pangano limene munthuyo anasainira osaliwerenga bwino. Kuti mudziwe mbali imene nkhani yanu ili, muyenera kutha kubwereza nokha masamu amene iwo achita, chinthu ndi chinthu. Manambala onse amene ndigwiritse ntchito pano ndi achitsanzo chabe, ndipo sinditchula mtundu wa ndalama chifukwa kawerengedwe kake sikasintha ndi dziko.

1. Yambani ndi kupeza njira yolipirira imene pangano lanu linasankha

Pali njira ziwiri zikuluzikulu zolipirira katundu wa m'nyumba, ndipo imene ikukhudza inu inalembedwa m'chikalata cha pangano, makamaka pa tsamba limene lili ndi dzina lanu ndi ndalama zimene munaika pa inshuwaransi, komanso m'gawo lofotokoza momwe kampani imalipirira zodandaula.

Njira yoyamba ndi ya mtengo wa pamsika. Maziko ake ndi mfundo yakale ya inshuwaransi yakuti munthu ayenera kubwezeretsedwa pamene anali ngozi isanachitike, osati kupitirira pamenepo. Ngati sofa yanu inali itatumikira zaka 6, chimene mwataya ndi sofa ya zaka 6, ndipo kukupatsani yatsopano kungakhale kukupindulitsani ndi ngozi. Choncho kampani imachotsapo ndalama zoimira zaka zimene munaigwiritsa kale ntchito. Ndalama zochotsedwazo ndi zimene tikuzitcha kuchotsera chifukwa cha kutha kwa katundu.

Njira yachiwiri ndi ya chatsopano m'malo mwa chakale. Pano kampani inavomera, posinthana ndi ndalama zosonkha zokwererapo, kuti idzalipira mtengo wogulira chinthu chatsopano chofanana ndi chimene chaonongeka, popanda kuyang'ana zaka zake. Njirayi ndi yabwino kwa mwini katundu, koma ili ndi zoyenera kukwaniritsa zimene tiziona pa nambala 6 ndi 7, ndipo anthu ambiri amene amakhumudwa ndi malipiro amakhala a njira imeneyi, chifukwa ankayembekezera kuti sadzachotseredwa kalikonse.

Musadalire zimene mukukumbukira kuti wokugulitsani inshuwaransi ananena pakamwa. Musadalirenso kapepala kotsatsa malonda. Werengani mawu a pangano lenilenilo, ndipo muonetsetse ngati pali malire a zaka, chifukwa mapangano ena amalipira chatsopano pa katundu wosapitirira zaka zakutizakuti, kenako n'kubwerera ku mtengo wa pamsika pa katundu wakale kuposa pamenepo.

2. Siyanitsani kutha kwa katundu monga choyambitsa ndi kutha monga chochotsera

Mawu akuti kutha kwa katundu amapezeka malo awiri m'pangano, ndipo amagwira ntchito ziwiri zosiyana. Malo oyamba ndi pamndandanda wa zinthu zimene inshuwaransi silipira. Furiji ikasiya kuzizira chifukwa injini yake yatopa, kapeti ikaperepeseka pakhomo pamene anthu amapondapo tsiku ndi tsiku, kapena makatani akasuluka ndi dzuwa, palibe ngozi imene yachitika, ndipo simudzalandira kanthu ngakhale pangano lanu litakhala la chatsopano m'malo mwa chakale. Inshuwaransi imalipira zochitika mwadzidzidzi, osati zimene aliyense amadziwa kuti zidzachitika m'kupita kwa nthawi.

Malo achiwiri ndi pa kawerengedwe ka malipiro. Apa ngozi yachitikadi, kampani yavomera kulipira, ndipo mkangano uli pa kuchuluka kwa ndalama. Kalata ikabwera yotchula kutha kwa katundu, onani kaye kuti akunena chiti mwa ziwirizi, chifukwa yankho lanu lidzasiyana. Ngati akukana kulipira, umboni wofunika ndi wa chimene chinayambitsa kuonongekako, monga lipoti la mmisiri lonena kuti furiji inapsa ndi moto osati ndi ukalamba. Ngati akuchepetsa ndalama, umboni wofunika ndi wa zaka, mtundu ndi maonekedwe a chinthucho. Malangizo otsalawa akunena za mbali yachiwiriyi.

3. Lembani chinthu chilichonse pachokha, ndi mtengo wake wa lero

Musataye kanthu kalikonse koonongeka kampani isanakuuzeni kutero, ngakhale katanyansa bwanji. Jambulani zithunzi, kuphatikizapo kachizindikiro kokhala ndi dzina la wopanga ndi nambala ya mtundu wa chipangizocho. Kenako lembani mndandanda wokhala ndi dzina la chinthu, chaka chimene munachigula, momwe chinkaonekera ngozi isanachitike, ndi mtengo wa chinthu chatsopano chofanana nacho lero.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kulemba mtengo umene munagulira. Lisiti lakale ndi lofunika kwambiri posonyeza kuti chinthucho chinali chanu komanso zaka zake, koma masamu a malipiro nthawi zambiri amayambira pa mtengo wa lero. Zimenezi zingakupindulitseni kapena kukupwetekani. Mipando ndi matebulo zimakwera mtengo m'kupita kwa zaka, pamene zipangizo monga wailesi ya kanema kapena kompyuta zimatha kutsika mtengo chifukwa mitundu yatsopano imatuluka motchipa.

Mawu akuti chofanana nawonso amavuta. Satanthauza chinthu chapamwamba kwambiri chimene chili m'sitolo lero, ngakhale chanucho chinali chapamwamba pa nthawi imene munkachigula. Amatanthauza chinthu cha kukula komweko, cha ubwino womwewo, chogwira ntchito zomwezo. Komanso satanthauza chinthu chotchipitsitsa chimene chili ndi dzina lomwelo. Tebulo la matabwa olimba silifanana ndi tebulo la utuchi wopanikiza, ngakhale onse atakhala a anthu 6, ndipo muli ndi ufulu wokana ngati akuwerengerani pa mtengo wa lachiwirilo.

4. Bwerezani masamu a kuchotsera

Kampani imatumiza munthu wodzaona zoonongeka ndi kuziwerengera, amene ambiri amamutcha asesa. Kumbukirani kuti amalipidwa ndi kampani. Sindikutanthauza kuti ndi wachinyengo, koma sali pamenepo kudzakufufuzirani umboni wokomera inu. Njira imene ambiri a iwo amatsata ndi yogawa mtengo wa chinthu mofanana pa zaka zimene chikuyembekezeka kutumikira:

```
kuchotsera = mtengo wa chatsopano lero × (zaka zake ÷ zaka zoyembekezeka)
malipiro = mtengo wa chatsopano lero − kuchotsera
```

Tiyerekeze kuti moto wabuka m'chipinda chochezera n'kuononga sofa, wailesi ya kanema, tebulo lodyerapo, ndiponso zovala ndi zofunda zimene zinali zitapindidwa pamenepo.

Sofa inagulidwa zaka 6 zapitazo pa 900, ndipo yofanana nayo lero ndi 1,200. Asesa akuti sofa imatumikira zaka 10, choncho zaka 6 mwa 10 zatha kale. Akuchotsa 60 peresenti, imene ndi 720, n'kusiya 480. Wailesi ya kanema inagulidwa zaka 4 zapitazo pa 800, koma yofanana nayo lero ndi 500 basi. Ataipatsa zaka 8, akuchotsa theka, ndipo patsala 250. Taonani kuti mwini wake, amene mumtima akukumbukira 800, alandira zosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu, chikhalirecho palibe chimene chalakwika pa masamuwo. Tebulo ndi la matabwa olimba, la zaka 12, ndipo latsopano ndi 700. Asesa walipatsa zaka 15, wachotsa 80 peresenti, imene ndi 560, n'kusiya 140. Zovala ndi zofunda zonse pamodzi zingagulidwe ndi 600, ndipo iye wangochotsa theka pa mulu wonse, n'kusiya 300.

Kugula zonsezi zatsopano kukufuna 3,000. Pa njira ya mtengo wa pamsika, asesa wafika pa 1,170. Pakachotsedwa gawo limene munavomera kudzilipirira nokha pa ngozi iliyonse, limene amalitcha ekisesi, ndipo pano tiliyerekeze pa 100, ndalama zofika m'manja ndi 1,070.

Ngati kalata imene mwalandira ili ndi nambala imodzi yokha yophatikiza zonse, pemphani mwa kalata kuti akupatseni kawerengedwe ka chinthu chilichonse, kosonyeza mtengo wa chatsopano umene agwiritsa ntchito, zaka zimene aganiza kuti chinthucho chinali nazo, ndi zaka zoyembekezeka zimene achipatsa. Popanda manambala atatuwa simungadziwe pamene pali vuto.

5. Tsutsani manambala amene alibe maziko

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, pomwe ndi pamene ndalama zimapezeka kapena kutayika. Mwa manambala atatu aja, mtengo wa lero mungautsimikize m'sitolo, ndipo zaka za chinthu mungazitsimikize ndi lisiti. Koma nambala yachitatu, ya zaka zoyembekezeka, ndi kuyerekeza chabe. Makampani amakhala ndi mindandanda yawoyawo yonena kuti mtundu wakuti wa katundu umatumikira zaka zakuti, ndipo mindandandayi imasiyana kampani ndi kampani. Kawirikawiri sikhala mbali ya pangano limene munasainira. Funsani ngati mndandandawo unalembedwa m'pangano lanu. Ngati unalembedwamo, mpata wokambirana ndi wochepa. Ngati sunalembedwemo, ndiye kuti ndi poyambira chabe, ndipo umboni wa chinthu chanu chenichenicho uyenera kuuposa.

Tibwerere ku sofa ija. Zaka 10 ndi za sofa wamba ya m'nyumba yokhala ndi anthu ambiri. Ngati yanu inali ya mafelemu olimba, inkakhala m'chipinda chosagwiritsidwa ntchito tsiku lililonse, ndipo muli ndi zithunzi za chaka chatha zoonetsa kuti nsalu yake inali isanang'ambike kapena kufwifwa, mungathe kunena kuti zaka zoyenera ndi 15. Zaka 6 mwa 15 ndi 40 peresenti, choncho kuchotsera kukutsika kuchoka pa 720 kufika pa 480, ndipo malipiro akukwera kufika pa 720. Zithunzi zothandiza pano si zojambula katundu mwadala, chifukwa ndi anthu ochepa amene amakhala nazo. Fufuzani m'foni zithunzi za alendo kapena za ana zimene sofayo ikuoneka kumbuyo, popeza foni imasunga ndi tsiku lomwe chithunzicho chinajambulidwa. Chikalata cha chitsimikizo cha wopanga chimathandizanso, pakuti ngati iye mwini anatsimikizira mafelemu kwa zaka zambiri, n'zovuta kunena kuti chinthucho chinali pafupi kutha. Ndipo ngati munaikonzetsa posachedwa, monga kuiveka nsalu yatsopano, lisiti la mmisiri likusonyeza kuti mbali ina ya sofayo si ya zaka 6 ayi.

Tebulo likufuna mtsutso wa mtundu wina. Njira yogawa mtengo mofanana pa zaka ili ndi chilema chakuti imafikitsa chinthu pa ziro zaka zoyembekezeka zikakwana, ngakhale chinthucho chikugwirabe ntchito bwinobwino. Tebulo limeneli likanapsa patapita zaka zina 3, masamu a asesa akanati linalibe mtengo uliwonse, chikhalirecho banja likudyerapo tsiku ndi tsiku. Makampani ena amadziwa zimenezi ndipo amaika malire pa kuchotsera kuti chinthu chogwira ntchito chisatsike kupitirira gawo linalake, choncho funsani ngati yanu ili ndi malire oterowo. Koma njira yamphamvu kwambiri ndi kubwerera ku mawu enieni a pangano. Ngati likunena za mtengo wa pamsika, funso loyenera ndi lakuti tebulo lotere, la zaka zotere, limagulidwa ndalama zingati kwa ogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito. Pezani zotsatsa zitatu kapena zinayi za matebulo ofanana, muzijambule pamodzi ndi tsiku lake. Zikasonyeza mtengo wa pafupifupi 350, ndiye kuti 140 sangakubwezeretseni pamene munali, ndipo imeneyo ndi mfundo yomwe kampaniyo imadalira pochotsera.

Chenjezo langa ndi lakuti njira yoyang'ana mtengo wa zinthu zakale imadula mbali zonse ziwiri. Imakomera matabwa olimba ndi zinthu zina zokhalitsa, koma pa zipangizo zamagetsi ndi zovala, mtengo wogulitsira chinthu chakale umatha kukhala wotsika kuposa umene masamu a zaka apereka. Ndi chifukwa chake pa wailesi ya kanema ija sindingalangize kutsutsa. Ndalama zokwana 250 pa chipangizo cha zaka 4 chimene chatsopano chake ndi 500 si zoipa, ndipo munthu wotsutsa mzere uliwonse amachititsa kuti ngakhale mfundo zake zabwino zisamvedwe.

Pa zovala ndi zofunda, vuto ndi kuunjika. Asesa akapatsidwa mzere umodzi wakuti zovala zosiyanasiyana, alibe chochita china koma kuchotsa gawo limodzi pa mulu wonse. Ntchito yozigawa ndi yotopetsa, koma imalipira. Tiyerekeze kuti mwa 600 aja, zinthu zokwana 200 zinagulidwa miyezi 3 yokha ngozi isanachitike, ndipo muli ndi malisiti kapena mbiri ya ku banki yosonyeza zimenezo. Pa zimenezi kuchotsa theka kulibe maziko. Mukagwirizana pa 10 peresenti, mulandira 180, ndipo pa zotsala zokwana 400 mulandira 200, zonse pamodzi 380. Malisiti akasowa, umboni wina ulipo, monga mauthenga otsimikizira kugula, timabuku ta malangizo, makatoni ndi zithunzi. Chimene simuyenera kuchita ndi kuchepetsa zaka za chinthu mwadala. Nambala ya chipangizo chamagetsi imatha kusonyeza nthawi imene chinapangidwa, ndipo bodza pa chinthu chimodzi likhoza kupatsa kampani chifukwa chokanira pempho lonse.

Tikaphatikiza 720 ya sofa, 250 ya wailesi ya kanema, 350 ya tebulo ndi 380 ya zovala, tikupeza 1,700, ndipo pochotsa ekisesi patsala 1,600. Kusiyana kwa 530 kwachokera pa mizere itatu, ndipo uliwonse uli ndi umboni wake. Polemba kalata yotsutsa, tsatirani dongosolo lomweli: tchulani chinthu, nambala imene iwo agwiritsa ntchito, nambala imene inu mukuona kuti ndi yoyenera, ndi umboni umene mwaphatikiza. Kalata yongonena kuti ndalamazo n'zochepa ndipo mwakhala mukusonkha mokhulupirika kwa zaka zambiri imayankhidwa mwaulemu, koma sisintha kanthu.

6. Ngati pangano lanu ndi la chatsopano m'malo mwa chakale, onani zimene zimatsalabe

Pa ngozi yomweyi, njira yachiwiri ikupereka 1,200 ya sofa, 500 ya wailesi ya kanema ndi 700 ya tebulo. Koma m'mapangano ambiri a mtundu umenewu zovala ndi nsalu za m'nyumba, monga zofunda ndi matawulo, zimachotseredwabe chifukwa cha kutha, ndipo ena amawonjezerapo zinthu zina. Choncho pa mzere umenewu mukhoza kupatsidwabe 300, ndipo zonse zimene ndanena zokhudza kugawa mulu wa zovala zikugwiranso ntchito pano. Zonse pamodzi ndi 2,700, ndipo pochotsa ekisesi patsala 2,600. Poyerekeza ndi 1,070 ya poyamba paja, mukuona kuti kusiyana kwa njira ziwirizi kumakula katundu akamakalamba. Kwa munthu amene katundu wake yense ndi wa chaka chatha, kusiyanako n'kochepa.

Dziwaninso kuti wosankha pakati pa kukonza, kugula china ndi kupereka ndalama kawirikawiri ndi kampani, osati inu. Ngati mmisiri angathe kukonza tebulo lija n'kulibwezera momwe linalili, adzalipira kukonzako, ndipo lonjezo la chatsopano limayamba kugwira ntchito pokhapokha chinthu chikabedwa kapena chikaonongeka mosakonzeka.

Nkhani yofuna ndalama m'manja nayo imadabwitsa ambiri. Mapangano ena amafuna kuti mugulenso chinthucho kuti mulandire mtengo wonse wa chatsopano. Kampani imayamba kukupatsani mtengo wochotsera, monga 480 ya sofa ija, ndipo 720 yotsalayo imaperekedwa mukabweretsa lisiti losonyeza kuti mwagula ina, nthawi zambiri pasanathe nyengo imene inaikidwa m'pangano. Amene salabadira nyengoyi, kapena amene waganiza zosagulanso sofa, amatsala ndi 480 yokhayo ngakhale ankasonkha ndalama za njira yokwera mtengo. Makampani ena ali ndi ogulitsa amene amagwirizana nawo pa mtengo wotsikirapo. Akapezeka kuti angathe kukupezerani sofa yofanana pa 1,000 kudzera mwa wogulitsa wawo, ndipo inu mwasankha ndalama, akhoza kukupatsani 1,000 osati 1,200 imene munaona m'sitolo. Pamenepa chofunika kufunsa ndi ngati wogulitsa wawoyo alidi ndi chinthu chofanana ndi chanu. Ngati alibe, pali chifukwa chomveka chopemphera mtengo wonse.

Pali mfundo inanso yaing'ono yokhudza zinthu zoyendera limodzi. Ngati sofa inali mbali ya mipando itatu yofanana ndipo yaonongeka imodzi, mapangano ambiri amalipira imodzi yokhayo, ngakhale yatsopanoyo isadzafanane ndi zotsalazo.

7. Yesani ngati ndalama zimene munaika pa inshuwaransi zinali zokwanira

Kuchotsera kwina kumene anthu amakusokoneza ndi kwa kutha kwa katundu kumachokera pa kuika ndalama zochepa pa inshuwaransi. Mapangano ambiri ali ndi mfundo imene amaitcha avereji, yonena kuti ngati munateteza katundu wanu pa ndalama zochepera mtengo wake weniweni, malipiro a ngozi iliyonse adzachepetsedwa pa mlingo womwewo, ngakhale ngoziyo itakhala yaing'ono.

Msampha wake uli pakuti pa pangano la chatsopano m'malo mwa chakale, mtengo weniweni umatanthauza ndalama zogulira zonse za m'nyumba zatsopano lero. Munthu amayang'ana mipando yake yakale n'kuganiza kuti zonsezi sizingapitirire 15,000, ndipo amalemba nambala imeneyo. Asesa akabwera amayendera nyumba yonse, osati chipinda chopsacho chokha, n'kupeza kuti kugula zonse zatsopano kungafune 20,000. Ndiye kuti munateteza magawo atatu mwa anayi, ndipo 2,700 ija ikutsika kufika pa 2,025. Pochotsa ekisesi patsala 1,925. Mapangano ena, m'malo mochepetsa chonchi, amangochotsa lonjezo la chatsopano n'kukulipirani pa mtengo wa pamsika.

Ngati zimenezi zakuchitikirani, chimene mungatsutse ndi nambala ya 20,000 ija. Pemphani kuti akuonetseni momwe anaipezera, chipinda ndi chipinda, ndipo onani ngati sanawerengeremo zinthu zomangidwa kunyumba zimene zili pa inshuwaransi ya nyumbayo, katundu wa mlendo, kapena zinthu zimene munaziteteza padera. Ngati zovala zimalipidwa mochotsera, funsaninso ngati anaziwerengera mochotsera pofuna kupeza mtengo wa katundu yense, chifukwa m'mapangano ambiri ndi momwe ziyenera kukhalira.

Onaninso malire a chinthu chimodzi. Zinthu zodula monga zokongoletsera zagolide kapena kamera zimakhala ndi malire awoawo ngati sizinatchulidwe pazokha m'pangano, ndipo malire amenewa amagwira ntchito pa njira zonse ziwiri.

8. Musanasainire kuvomera malipiro

Onetsetsani kuti ekisesi yachotsedwa kamodzi pa ngozi yonse, osati pa chinthu chilichonse, ndipo yachotsedwa pa ndondomeko imene pangano likunena. Onetsetsaninso kuti palibe chinthu chimene chachotseredwa kawiri, monga kutenga mtengo wa chinthu chakale pamsika kenako n'kuchotsaponso zaka, pakuti mtengo wa chakalewo waphatikiza kale kutha kwake.

Werengani ngati chikalata chimene akukupatsani chikunena kuti malipirowo ndi otsiriza. Ngati mukutsutsabe mizere ina, pemphani kuti akulipireni mbali imene mwagwirizana, ndipo zilembedwe kuti zotsalazo zikukambidwabe. Ngati pali ndalama zimene asunga mpaka mutagula, chikalatacho chitchule kuchuluka kwake ndi tsiku lomaliza lobweretsera malisiti. Dziwaninso kuti chinthu chimene akulipirani chonse chimakhala cha kampani, choncho ngati mukufuna kusunga zotsala za tebulo lija, nenani msanga, podziwa kuti akhoza kuchotsa kangachepe koimira mtengo wa zotsalazo.

Mukalephera kugwirizana ndi asesa, lembani dandaulo ku kampaniyo potsata ndondomeko yake ya madandaulo, imene kawirikawiri imafotokozedwa chakumapeto kwa pangano. Yankho lawo lomaliza likapanda kukukhutiritsani, maiko ambiri ali ndi bungwe loyang'anira makampani a inshuwaransi kapena ofesi yoima payokha yomva madandaulo a makasitomala. Potumiza nkhani yanu kumeneko, phatikizani pangano lonse, kawerengedwe ka asesa ka chinthu ndi chinthu, kalata yanu yotsutsa pamodzi ndi umboni wake, ndi yankho lomaliza la kampani, ndipo funsani msanga za nthawi yoperekera dandaulo chifukwa imakhala ndi malire.